Mnzako wa pabizinesi akatsegula shopu yachiwiri, umuyamikire bwanji?

Pa Kapiri, kwa Mfumu Dambe m'boma la Mchinji, ndalama zimayenda kwambiri kuyambira mwezi wa Meyi mpaka cha mu Ogasiti. Alimi akagulitsa soya, mtedza ndi fodya, amalowa m'magolosale kukagula shuga, sopo, mafuta ophikira ndi mchere. Nyengo imeneyi ndiyo imene wamalonda yemwe wakhala akusunga ndalama amalimba mtima, n'kupeza nyumba ina ya lendi, n'kutsegula shopu yachiwiri.

Mashopu ena a m'misika ngati umenewu sakhala a munthu mmodzi. Amakhala a anthu awiri omwe adasonkherana mpamba: pachibale, pachilamu kapena pachinzake. Kawirikawiri mgwirizano wawo umakhala wapakamwa, wopanda pepala. Choncho mmodzi mwa awiriwo akatsegula shopu ina, mawu oyamba otuluka pakamwa pa mnzakeyo amalemera kuposa a munthu wina aliyense amene wafika pamalopo.

Wodutsa m'njira akanena kuti "mwachita bwino", nkhani yathera pomwepo. Koma mnzako wa pampamba akanena mawu omwewo, wotsegula shopu amamvetsera ndi makutu awiri. Khutu lina limamva kuyamikira. Linalo limafufuza ngati mnzakeyo wakhumudwa, ngati akumukayikira pa ndalama, kapena ngati akumuonabe ngati mnyamata wa pakauntala.

Mfundo ya phunziro la sabata ino ndi imodzi. Kuyamikira kwabwino kumatchula ntchito imene mnzakoyo wagwira, kumamusiyira ulemu wake wonse, kenaka kumathera pomwepo. Malangizo, zikumbutso ndi mafunso a ndalama zili ndi tsiku lake.

Chitsanzo cha anthu awiri

Pofuna kuti nkhaniyi imveke, nachi chitsanzo chongoyerekeza, ndipo ziwerengero zake n'zongoyerekezanso.

Amuna awiri adatsegula golosale pa Kapiri. Wamkulu adaikamo K1.2 miliyoni, wamng'ono adaikamo K800,000, mpamba wonse n'kukwana K2 miliyoni. Adagwirizana kuti pa K100 iliyonse ya phindu, wamkulu azitenga K60, wamng'ono K40. Wamkuluyo ali ndi munda ndi zochita zina, choncho wokhala pakauntala tsiku ndi tsiku, komanso wopita kukaoda katundu ku Lilongwe, adali wamng'onoyo.

Patatha zaka zitatu, wamng'ono adatsegula shopu ina pa Kamwendo, pomwe msewu wochokera ku Kapiri umakumana ndi msewu waukulu wa Lilongwe ndi Mchinji. Adayamba ndi katundu wa K1.5 miliyoni. Pa ndalamayi, K900,000 idali gawo lake la phindu lomwe adasunga, K400,000 idali ngongole ya ku banki mkhonde, ndipo K200,000 idali shuga ndi sopo yemwe adatenga m'golosale ya pa Kapiri mnzake akudziwa, n'kulemba m'kope kuti adzabweza.

Tsiku lotsegulira, wamkulu adafika ndi mtima wabwino ndithu. Pamaso pa makasitomala ndi mtsikana yemwe wangolembedwa ntchito, adakweza mawu:

"Eee, mwana wakula uyu! Kashopu kabwino ndithu, wayesetsako. Ndimakuuza ine kuti ukamamvera zinthu zimayenda. Koma usamale, bizinesi si masewera."

Anthu adaseka. Wamng'ono adasekanso, n'kuyankha kuti, "Zikomo bwana." Kwa zaka zitatu ankamutchula kuti achimwene. Kuchokera tsiku limenelo adayamba kumutchula kuti bwana, ndipo ulendo wotsatira wokaoda katundu adapita yekha osamuuza.

Wamkuluyo sadatukwane, sadanenenso bodza. Nanga chidalakwika n'chiyani?

Timawu tating'ono tomwe timachepetsa munthu

Chichewa chili ndi tizidutswa ta mawu tomwe timatha kuchepetsa chinthu chachikulu, wolankhula osazindikira.

Koyamba ndi "ka". Shopu ikakhala "kashopu", golosale ikakhala "kagolosale", munthu wayeza bizinesi ya mnzake n'kuipeza yopepuka. Nthawi zina wolankhula amafuna kusonyeza chikondi, monga amachitira ponena kuti "kamwana kokongola". Koma shopu ya K1.5 miliyoni, yomwe ili ndi ngongole pamwamba pake, si kamwana. Vuto lina ndi lakuti mwini wakeyo, podzichepetsa, amatha kunena yekha kuti, "Ayi, ndi kashopu chabe, tikungoyesera." Umenewo ndi ulemu wake, ndipo ali ndi ufulu wotero. Mnzake sayenera kubwereza mawuwo. Yankho loyenera ndi lokweza: "Ayi achimwene, iyi ndi shopu yeniyeni."

Kachiwiri ndi "ko" wa kumapeto kwa mawu. "Mwayesetsa" ndi "mwayesetsako" n'zosiyana. "Mwachita bwino" ndi "mwachitako bwino" n'zosiyananso. "Ko" ameneyu amatanthauza kuti ntchito yachitika pang'ono, zambiri zatsala. Ndi mawu a mphunzitsi pobweza kope la mwana yemwe wakhoza theka. Ngakhale "mwayesetsa" payekha ndi wofunika kusamala naye, chifukwa amanenedwanso kwa munthu yemwe walimbana ndi chinthu koma osachitha.

Kachitatu ndi "nso" ndi anzake monga "ngakhale" ndi "mpaka". Munthu akati, "Nanunso mwatsegula?" kapena "Mpaka shopu yachiwiri?" akuulula kuti sankayembekezera kuti mnzakeyo angafike pamenepo. Kudabwa kopyola muyeso ndi chipongwe chovala malaya a chisangalalo. Chimodzimodzinso mawu akuti "tsopano", monga "tsopano mwayamba kuganiza" kapena "tsopano ndiye mwakhala munthu". Womva amadzifunsa kuti kodi zaka zonsezi adali chiyani.

Kachinayi ndi "iwe". Kunyumba, wamkulu ali ndi ufulu wouza mng'ono wake kuti "wachita bwino". Koma m'shopu yatsopano, pamaso pa wantchito ndi makasitomala, wamng'onoyo ndi mwini malo. Wantchito akamva bwana wake akuitanidwa kuti "iwe" kapena "mwana", amasunga zimenezo mumtima, ndipo tsiku lomudzudzula pa ndalama yoperewera m'kabati likadzafika, ulemu udzakhala utachepa kale. Pagulu, "inu" ndiye woyenera, ngakhale kwa munthu yemwe unkamubereka kumsana ali khanda.

Kulanda ulemu wa mnzako

Cholakwika chachikulu cha wamkulu uja sichidali m'timawu tokha. Chidali pa funso lakuti ndani wagwira ntchito. M'chiganizo chakuti "ndimakuuza ine kuti ukamamvera zinthu zimayenda", woyamikiridwa weniweni ndi wolankhulayo. Wamng'ono wasanduka wophunzira womvera, ndipo shopu yasanduka umboni wa nzeru za mphunzitsi wake.

Pali njira zingapo zomwe anthu amalandira mnzawo ulemu, akuganiza kuti akumuyamikira.

Ina ndi kudziika pakati pa nkhani: "Ndidakutolani mulibe kanthu", "Onani kumene ndakufikitsani". Mwina n'zoona kuti wamkulu ndiye adayambitsa zonse. Koma mawu otere amakoma akatuluka pakamwa pa wothandizidwayo. Akatuluka pakamwa pa wothandiza amasanduka chikumbutso cha ngongole. Ngakhale mwambi wabwino wakuti mutu umodzi susenza denga umasintha tanthauzo malinga ndi wounena. Mwini shopu akaunena, akuthokoza. Mnzake akaunena, akuitanitsa kuthokozedwa.

Njira ina ndi kupereka ulemuwo kwa mwayi. "Muli ndi mwayi inu" amafafaniza m'mamawa monse momwe munthu adadzuka kukatsegula chitseko anzake ali m'tulo. Kutchula Mulungu n'kosiyana, chifukwa amalonda ambiri ndi opemphera ndipo amakondwa kumva kuti adalitsidwa. Komabe mawuwa amakhala bwino akaphatikizidwa ndi ntchito ya munthuyo: "Mulungu wadalitsa thukuta lanu."

Njira yachitatu imagwera kwambiri amayi. Mayi akatsegula shopu yachiwiri, sipalephera wina wonena kuti, "Bambo akunyumba akugwirani mkono ndithu", kapena "Mzimayi koma ngati mwamuna." Mawu oyamba amapereka shopuyo kwa mwamuna wake. Achiwiri amanena kuti akazi sayenera kufika pamenepo. Mnzake wa pampamba, yemwe amadziwa bwino amene amawerengera ndalama madzulo aliwonse, sayenera kukhala m'gulu la olankhula zotere.

Yoopsa kuposa zonse ndi nthabwala ya kukhwima. "Mwapita kwa sing'anga uti?" kapena "Tiuzeni komwe mudakakhwimira" amanenedwa moseka, koma pamsika waung'ono mawu sachedwa kuyenda. Akachokera kwa munthu yemwe amadziwa za m'kati mwa bizinesiyo, omva amawatenga ngati umboni. Mphekesera yotere imatha kuthamangitsa makasitomala, ndipo kuichotsa n'kovuta kuposa kubweza ngongole. Paja akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsogola.

"Yanu" kapena "yathu"?

Apa ndi pomwe kuyamikira kwa anthu osonkherana mpamba kumasiyana kwenikweni ndi kwa ena onse.

Pachichewa, "wathu" ndi mawu a chikondi. Mwana wa mnzako ndi mwana wathu, maliro a mnzako ndi maliro athu. Choncho pakamwa pamafulumira kunena kuti, "Shopu yathu yatsopano yakongola", kapena "Tatsegula nthambi pa Kamwendo." Koma pa nkhani ya malonda, "yathu" amamveka ngati munthu akuitanitsa gawo. Ndipo poti mgwirizano ndi wapakamwa, zonenedwa pagulu zimakumbukiridwa. Awiriwo akadzakangana n'kukakhala pansi pamaso pa achibale kapena kwa nyakwawa, padzapezeka wina wonena kuti, "Ife tidamva tsiku lotsegulira akuti shopu ndi ya onse, ndipo mwini wake sadatsutse."

Choncho asanatsegule pakamwa, woyamikira ayambe wadzifunsa komwe mpamba wa shopu yatsopano wachokera.

Ngati wachokera m'thumba la mnzakeyo, kaya ndi gawo lake la phindu, kaya ndi ngongole yomwe watenga m'dzina lake, mawu ndi "shopu yanu" ndi "mwatsegula". Kunena choncho momveka, anthu akumva, ndi mphatso yaikulu kuposa nsalu kapena nkhuku, chifukwa kumamasula mnzakoyo ku mantha akuti mwina ukuiyang'ana ndi diso la gawo.

Ngati mpamba wachokera m'kabati ya onse awiri, ndipo adagwirizana kuti mmodzi akayendetse nthambiyo, "yathu" ndi woona. Koma ntchito ya yemwe adathamanga itchulidwe padera: "Shopu ndi yathu, koma miyendo idali yanu. Malo mudapeza ndinu, lendi mudakambirana ndinu." Pamenepa kunena kuti "shopu yanu" kungamveke ngati kunyanyala, kapena ngati wasiya gawo lako.

Ngati zasakanikirana, monga m'chitsanzo chija, munthu ayang'ane mbali yaikulu. Pa K1.5 miliyoni, K1.3 miliyoni ndi ya wamng'ono ndi ngongole yake. K200,000 yotsalayo ndi katundu wobwereka, wolembedwa m'kope. Wobwereketsa katundu sakhala mwini shopu, monga momwe wogulitsa pikulitsa ku Lilongwe sakhala mwini golosale iliyonse yomwe waipatsa katundu pa ngongole. Shopu ya pa Kamwendo ndi "yanu". K200,000 ndi nkhani ya tsiku lina.

Mawu omwe akadayenera kunenedwa

Kuyamikira kwabwino kuli ndi mbali zinayi, ndipo sikutenga mphindi imodzi. Kumayamba ndi dzina laulemu lomwe awiriwo amaitanirana masiku onse. Kumatsatira mawu achisangalalo. Kenaka chinthu chimodzi kapena ziwiri zenizeni zomwe mnzakoyo adachita. Pomaliza mafuno abwino.

Wamkulu uja akadatha kunena motere:

"Achimwene, ndakunyadirani. Shopu yanu mwaiyala bwino, ndipo malo mwasankha abwino, pomwe anthu amatsikira galimoto. Zaka zitatu mwakhala mukutsegula pa Kapiri m'mamawa uliwonse. Ngakhale nthawi ija ndalama idagwa, mashelefu sadakhale opanda kanthu. Thukuta lanu ndi limeneli. Ipite patsogolo."

Mphamvu ya mawuwa ili pa mbali yachitatu. Mu Novembala 2023, Banki Yaikulu ya Malawi idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Aliyense wogulitsa m'golosale akukumbukira zomwe zidatsatira: ndalama yomwe wagulitsira katoni ya sopo lero siinkakwananso kuoda katoni yomweyo sabata yotsatira. Munthu yemwe adadutsa nyengo imeneyo mpamba osadyeka adagwira ntchito yooneka. Kutchula zimenezo kumasonyeza kuti mnzakeyo ankaona. Woyamikira mwachiphamaso amanena mawu omwe angakwanire aliyense. Woyamikira moona amatchula chomwe akudziwa iye yekha: ulendo wa mvula ya Januwale, ngongole ya makasitomala yomwe idatoleredwa popanda mkangano, kope lomwe silidasowepo tsamba.

Mawu akuti "ndakunyadirani" ndi abwino chifukwa amanena za mtima wa wolankhula, osati kupereka malikesi. "Mwachita bwino" ndi woweruza pang'ono. Amakhala bwino akatsatiridwa ndi chinthu chenicheni, monga "mwachita bwino kusankha pamphambano". Akaima payekha kuchokera kwa wamkulu, amamveka ngati chidindo cha chilolezo.

Chinanso choyenera kuona ndi chomwe mulibe m'mawuwo. Mulibe "koma". Munthu akangonena kuti "koma", zonse zomwe wanena poyamba zimafufutika, ndipo womva amasunga zotsatira zokhazo. "Koma musamale ndi antchito", "koma lendi ya kuno ndi yokwera", "koma musaiwale pa Kapiri" akhoza kukhala malangizo oona. Tsiku lotsegulira, munthu wasaina kale lendi, walemba kale wantchito, walipira kale laisensi ku khonsolo. Malangizo pa tsikulo sasintha kanthu, amangotsitsa mtima. Ngati mnzakoyo akuwafuna adzafunsa, ndipo adzafunsa msanga kwa munthu yemwe sadamuchititse manyazi.

Zimasintha malinga ndi amene akulankhula

Wamng'ono akamayamikira wamkulu, msampha umakhala wina. "Mwachita bwino" kuchokera kwa mnyamata kupita kwa munthu wa msinkhu wa bambo ake amamveka ngati mwana akuyesa mayeso kholo. Oyenera ndi mawu osonyeza kuti waphunzirapo: "Bambo, mwationetsa njira. Momwe mudasungira phindu la soya chaka chatha osalimwaza, ndatolapo nzeru." Apewenso kukweza mopyola. "Mabwana tsopano", "Mwalemera, muzitikumbuka" si kuyamikira, ndi kupempha, ndipo kumaika mtunda pakati pa anthu omwe dzulo ankadyera mbale imodzi. Kumaitananso obwereka ndalama kwa munthu yemwe panthawiyo ali ndi ngongole yambiri kuposa kale.

Amayi awiri ogwirizana pa geni amaitanana "achemwali", "asisi" kapena ndi mfunda, monga Naphiri kapena Nabanda. Kuitana munthu ndi mfunda wake pa tsiku lotere kumampatsa ulemu wa munthu wamkulu, ndipo kumagwiranso ntchito kwa abambo. Mawu akhoza kukhala akuti: "Achemwali, ndasangalala nanu. Ndalama ya chipereganyu ija ena tidagulira ziwiya, inu mudaisunga. Lero taona zipatso zake."

Pachilamu ndi pachisuweni pali ufulu wa nthabwala. Asuweni amanyozana osakwiyitsana, ndipo kulankhula mwaulemu wokhawokha kungadabwitse. Nthabwala ikhoza kubwera, koma ibwere pambuyo pa mawu oona, ndipo isakhudze zinthu zitatu: komwe ndalama yachokera, kukula kwa shopu, ndi kuthekera kwakuti igwa. Kuseka za utoto wa chitseko palibe vuto. Kuseka kuti "tiona ngati ifike Khirisimasi" kumasiya bala.

Ngati wina ali kutali, mwina wapita kukaoda ku Chipata kudzera pa chipata cha Mwami, kuimba foni kumaposa kulemba uthenga, chifukwa mawu olembedwa alibe nkhope. "Mwatsegula eti?" pa WhatsApp amatha kuwerengedwa ngati chisangalalo kapena ngati kudandaula kuti sadauzidwe. Uthenga ukhale wathunthu: "Achimwene, ndamva kuti shopu yanu yatsegulidwa lero. Ndakunyadirani kwambiri. Ndikabwerako ndidzafika ndidzaione." Ndipo afikedi. Kuchedwa sabata ziwiri osanena kanthu kumalankhula mokweza kuposa mawu aliwonse.

Manja alankhulenso zomwezo

Zochita pa tsikulo zimatha kutsimikiza mawu kapena kuwatsutsa. Mnzake wa pampamba akafika m'shopu yatsopano, aime mbali ya makasitomala. Asalowe kuseri kwa kauntala asanaitanidwe, asasunthe katundu pa mashelefu, asafunse wantchito kuti agulitsa zingati. Zimenezo amachita woyendera, osati mlendo.

Agule kanthu, alipire mtengo wonse ndi ndalama ya pamanja, osanenerera, osapempha basera. Amalonda ambiri sakonda kuyamba tsiku ndi ngongole, nanji tsiku loyamba la shopu. Paketi imodzi ya shuga yogulidwa motero imanena kuti "ndikukuonani ngati mwini sitolo".

Mphatso nayo imalankhula. Kope lolembamo ndalama, kapena kamakina kowerengetsera, ndi zinthu zothandiza, koma kuchokera kwa wamkulu zimatha kumveka ngati "phunzirani kuwerengera". Ndi bwino kufunsa kuti, "Chikusowa n'chiyani kuti ndithandizepo?" kapena kubweretsa chinthu chopanda phunziro m'kati mwake, monga benchi ya pakhonde yokhalira makasitomala.

Nkhani ya ndalama ili ndi tsiku lake

Zonsezi sizikutanthauza kuti wamkulu alibe nkhawa zoona. M'chitsanzo chija ali nazo zitatu. Yoyamba ndi K200,000 ya katundu, yomwe K120,000 mwa iyo ndi gawo lake. Yachiwiri ndi ya pakauntala: ngati wamng'ono azikhala pa Kamwendo masiku ena, pa Kapiri pazikhala ndani, ndipo malipiro a wantchito azichokera m'thumba la yani? Yachitatu ndi ya maulendo okaoda. Ngati galimoto imodzi izinyamula katundu wa mashopu onse awiri, mtengo wa mayendedwe uyenera kugawidwa. Ulendo wa K60,000 wonyamula makatoni 40 a pa Kapiri ndi 20 a pa Kamwendo ndiye kuti K40,000 ilipidwe ndi golosale ya onse, K20,000 ndi shopu yatsopano.

Nkhawa zimenezi zikapanda kupeza khomo loyenera, zimatulukira m'mawu oyamikira. N'chifukwa chake "koma usamale" amatuluka. Munthu akufuna kufunsa za ndalama yake, koma akuchita manyazi, ndiye akuzibisa m'malangizo. Mankhwala ake ndi kupatula ziwirizi. Tsiku lotsegulira likhale la kuyamikira kokha. Pakapita masiku angapo, awiriwo ali okha, wamkulu anene mosazungulira: "Achimwene, Loweruka tikhale pansi ndi kope, tione momwe pa Kapiri paziyendera tsopano." Pamenepo agwirizane tsiku lobwezera K200,000, masiku a pakauntala ndi kagawidwe ka mayendedwe, ndipo azilembe, aliyense asunge pepala lake.

Kukambirana kotere kumayenda msanga ngati wamng'ono adachoka pa tsiku lotsegulira akudziwa kuti mnzake adakondwa nayedi. Kumapindulitsanso onse. Mashopu awiri akamaoda limodzi amatenga katundu wambiri pa ulendo umodzi, ndipo wogula zambiri amakhala ndi pakamwa ponenerera mtengo. Wamkulu uja, ndi ziganizo zinayi zokha, adataya mwayi umenewu.

Kudziwa kuti zalakwika, ndi kukonza

Mmalawi wochepetsedwa pagulu sayankha mokalipa. Amaseka, amathokoza, n'kusunga. Zizindikiro zimaoneka pambuyo pake. Dzina loitanirana limasintha, "achimwene" n'kukhala "bwana" kapena "akuluakulu". Munthu amayamba kufotokoza komwe adapeza ndalama asanafunsidwe, kusonyeza kuti wamva ngati akukayikiridwa. Amasiya kunena za shopu yatsopano, ndipo akafunsidwa amangoti "zikuyenda". Amayamba kuoda yekha. Ena amathamangira kubweza ngongole yonse nthawi isanakwane, ngakhale pochita kutenga katapila, kuti asamvenso mawu.

Woona zizindikirozi asadikire kuti zizizire zokha. Apite yekha, osatuma munthu, ndipo asayambe ndi kudziteteza kuti "ndimangoseka". Atchule mawu omwe adalakwika: "Achimwene, tsiku lija ndidalankhula ngati ndikulankhula ndi mwana, pamaso pa anthu anu. Ndidalakwitsa, pepani. Shopu ija ndi ntchito ya manja anu." Ndipo poti cholakwacho chidachitika pagulu, kukonza kwake kufikenso pagulu. Ulendo wotsatira akafika pa Kamwendo, wantchito uja akumva, afunse kuti, "Eni shopu alipo?"

Wotsegula shopu nayenso ali ndi mbali yake. Mnzake wa pampamba asamve nkhaniyi kwa a kabaza. Auzidwe lendi isanalipidwe, ndipo auzidwe komwe mpamba wachokera. Munthu wodzidzimutsidwa sayamikira bwino, chifukwa pakamwa pakunena zina mtima ukuwerengera zina. Ndipo akayamikiridwa moyenera, ayankhe mobwezera ulemu: "Zikomo achimwene. Pa Kapiri ndi pomwe ndidaphunzirira, ndipo sindikuchokapo." Chiganizo chomalizachi ndicho chimene mnzakeyo adabwera kudzamva, ngakhale sangachifunse.